Chidindo cha phazi sichinena msinkhu weniweni wa munthu

Kawirikawiri phazi limakhala pafupifupi 15 peresenti ya msinkhu wa mwini wake. Wofufuza milandu akapeza chidindo cha phazi lopanda nsapato, amayamba wachijambula atayika rula pambali, kenako nkuyeza kuchokera kumbuyo kwa chidendene mpaka kunsonga ya chala chachitali kwambiri. Chidindo cha masentimita 26 mukachigawa ndi 0.15 mumapeza munthu wa masentimita pafupifupi 173.

Koma musathamangire kukhulupirira nambalayi. Mukaphonya ndi sentimita imodzi yokha poyeza, msinkhu umasintha ndi masentimita pafupifupi 7, ndiye wamtali uja wasanduka wamfupi. Ndipo kuphonyako nkosavuta. M'matope phazi limatsetsereka, chidindo nkutalika. Pa simenti chimafupika, poti m'mphepete mwa chidendene ndi kunsonga kwa zala simugunda pansi. Woyenda amasiyanso chidindo chachitali kuposa woima chilili. Za chidindo cha nsapato osanena nkomwe, soli imaposa phazi, ndipo wina amavala jombo zobwereka.

Ngakhale muyeze bwino chotani, anthu ofanana mapazi amasiyana misinkhu. Choncho lipoti labwino limati "pakati pa masentimita 165 ndi 180". Izi zingathandize kuchotsa woganiziridwa wa masentimita 150, koma sizingaloze wolakwa.