Kanema watsopano ndi bandulo yomwe inatha pa masiku atatu

Sabata yathayi ndinaikira anthu makanema anayi olumikizidwa ku intaneti, koma ntchito yomwe inanditengera nthawi yambiri inali ya ku nyumba ina ku Area 47 mu Lilongwe, komwe ndinapita kawiri.

Lolemba ndinapachika kanema wa mainchesi 55 pa khoma la pabalaza. Rauta ya m'nyumbamo, yomwe imagwiritsa ntchito simu khadi, inali kuchipinda chogona chifukwa ndi komwe netiweki imagwira bwino, ndipo pakati pa rautayo ndi kanema panali makoma awiri a njerwa zootcha. Nditatsegula mndandanda wa wayifayi panatuluka maina awiri a rauta yomweyo, lina la 2.4 GHz ndi lina la 5 GHz. Ambiri amathamangira la 5 GHz chifukwa ndi lothamanga, koma mphamvu yake imafooka msanga ikakumana ndi khoma, pomwe la 2.4 GHz limafika patali ngakhale kuti liwiro lake ndi locheperako. Sindidalira timizere ta pa kanema tosonyeza mphamvu ya wayifayi, choncho ndinaima pafupi ndi kanemayo, ndinatsegula fast.com, tsamba loyezera liwiro la intaneti, pa foni ndi kuyeza zonse ziwiri. La 5 GHz linkangodukaduka, pomwe linalo linkapereka liwiro la pafupifupi 9 Mbps. Popeza Netflix imalangiza 5 Mbps pa chithunzi cha 1080p ndi 15 Mbps pa 4K, ndinawauza bambo a m'nyumbamo kuti aonera bwino, koma asayembekezere 4K yomwe inalembedwa pa katoni.

Pa nkhani ya akaunti ndili ndi lamulo langa: sindilemba pasiwedi ya kasitomala, ndipo sindifuna kuidziwa. Kanema anaonetsa manambala olowera mu akaunti ya Netflix, ndipo bambowo anawalemba okha pa foni yawo pa netflix.com/tv8, kenaka tinachitanso chimodzimodzi ndi YouTube pa youtube.com/activate. Ndinachoka ana akusankha makatuni.

Lachiwiri ndi Lachitatu ntchito zinali zazing'ono. Imodzi yokha ndiyo yofunika kuitchula. Kabokosi ka Android ku shopu ina yometera kankasonyeza kuti kalumikizika, koma YouTube siinkatseguka. Magetsi atazima, koloko ya kabokosiko inabwerera ku chaka chakale, ndipo tsiku likalakwika kabokosi kamaona ngati ziphaso za chitetezo za pa intaneti n'zosavomerezeka. Nditakonza tsiku ndi nthawi, zonse zinayamba kuyenda.

Lachinayi m'mawa mayi a ku Area 47 aja anandiimbira. Anati, "Achimwene, kanema uja wasiya kuonetsa, ndipo ngakhale mafoni athu sakugwira intaneti." Mawu omalizawo anandiuza komwe kunali vuto, chifukwa kanema akawonongeka mafoni samakhudzidwa. Nditafika ndinapeza kuti bandulo ya magigabaiti 50, yomwe kale inkawakwanira mwezi wathunthu, yatha.

Apa ndinalakwa ndine, chifukwa ndinayeza liwiro koma sindinafunse kukula kwa bandulo yawo. Tinakhala pansi ndi kuwerengera limodzi. Netflix ikamaonetsa chithunzi cha HD imatha kudya magigabaiti ofika atatu pa ola, ndipo ana, omwe ali pa tchuthi, ankaonera pafupifupi maola 6 pa tsiku. Amenewo ndi magigabaiti 18 pa tsiku, kotero kuti 50 sangakwane masiku atatu.

Malo ochepetsera zimenezi sapezeka pa rimoti. Tinalowa mu akaunti yawo pa burawuza ya foni, tinasankha dzina la ana, ndipo pa Playback settings tinatsitsa kuoneka bwino kwa chithunzi posankha Medium, yomwe imadya magigabaiti osaposa 0.7 pa ola. Zimenezi zimafunika kuchitidwa pa dzina la munthu aliyense wa mu akauntimo payekhapayekha, apo ayi mwana akalowera pa dzina la bambo ake bandulo imathanso monga kale. Pamalo omwewo tinazimitsa Autoplay, kuti gawo lotsatira lisamayambe lokha anthu atagona. Ndinawachenjezanso kuti kusinthaku kumatha kutenga maola angapo kuti kufike pa kanema.

Sindinawabisire kuti ngakhale ndi Medium, maola 6 pa tsiku ndi magigabaiti opitirira anayi, ndiye kuti bandulo ija ingathe pa masiku 12 okha, osawerengera mafoni. Ilipo Low, ya 0.3 pa ola, yomwe ingawafikitse pafupi ndi kutha kwa mwezi, koma pa kanema wamkulu chotero chithunzi chake chimaoneka chachimbuuzi, ndipo sindinaone chifukwa chowononga kanema wabwino motero. Mayiwo anaganiza pang'ono, kenaka anati ana aziloledwa maola awiri okha pa tsiku, ndipo anandipempha kuti ndiwaonetse poikira PIN pa dzina lawo ndi la amuna awo. Lachisanu ndinawonjezera funso la bandulo pamwamba pa pepala lomwe ndimadzaza ndisanabowole khoma.