Sabata imene Panado anatha pa shelefu yathu

Sabata yathayi inayamba ngati masabata ena onse a masiku ano, pamene kuoda mankhwala kwasanduka kupempha. Lolemba katundu anafika wosakwanira, ndipo pa zimene zinasowa panali Panado, chifukwa amene amatigulitsa akuti ndalama zakunja zoitanitsira katundu sizikupezeka. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nyimbo imeneyi taimva mpaka yatikola. M'malo mwake anatibweretsera makatoni a parasitamo wa ku India, wolembetsedwa bwino lomwe ku bungwe loona za mankhwala m'dziko muno la PMRA, koma m'mapaketi a mtundu umene makasitomala athu anali asanauonepo. Lachiwiri linatha ndi kuwerenga katundu ndi kufotokozera anthu, mmodzi ndi mmodzi, kuti mankhwalawa ndi omwewo.

Anzanga a m'mafamase mukudziwa kuti m'bulu wa Panado, amene amapangidwa ndi kampani ya Adcock Ingram ku South Africa, muli mamiligalamu 500 a parasitamo, ndipo m'bulu wa ku India uja mulinso mamiligalamu 500 a parasitamo yemweyo. Kusiyana kuli pa maonekedwe, pa zinthu zoumbira m'bulu, ndi pa dzina. Komabe pa shelefu yathu Panado amagulitsidwa pafupifupi katatu mtengo wa mnzakeyo, ndipo akakhalapo ndiye amayamba kutha, ngakhale pakati pa mwezi pamene anthu ndalama zawathera.

Lachitatu madzulo kunabwera bambo wina wachikulire amene ndinamugulitsa parasitamo wotchipa uja Lolemba chifukwa cha dzino. Anaponya kapaketi pa kauntala n'kunena kuti, "Achimwene, timankhwala tanuti n'topanda mphamvu, ndachita kuwonjezera Panado weniweni amene ndamupeza pa golosale." Nditafunsa kuti akumwa bwanji, anayankha mosadandaula kuti amamwa mibulu iwiri ya uyu ndi iwiri ya uyo, m'mawa, masana, madzulo ndi pogona, kuyambira Lachiwiri. Ndinawerengera mumtima ndipo thupi linachita tsemwe. Mibulu 16 pa tsiku ndi magalamu 8, pamene malire a munthu wamkulu ndi magalamu 4, ndipo choopsa cha parasitamo ndi chakuti chiwindi chimayamba kuwonongeka munthu akuyenda bwinobwino, mwina akungomva mseru pang'ono. Ndinawauza kuti, "Bambo, musamwenso m'bulu wina uliwonse, ndipo mupite kuchipatala usiku uno womwe, osati mawa." Ndinawalembera kalata yosonyeza kuchuluka kwa zimene amwa ndi nthawi zake, ndipo mwana wawo anawatenga pa kabaza.

Bamboyu anali munthu wanzeru zake, ndipo ndikukana kuti nkhaniyi ndi ya umbuli. M'maganizo mwawo Panado ndi mankhwala ena, kapaketi kathu ndi mankhwala enanso, chifukwa dzina lija akhala akulimva kuyambira ali anyamata, amayi awo ankawapatsa, ndipo silinawagwiritsepo fuwa la moto. Wogula tomato amatha kumufinya, wogula chitenje amachipapasa, koma wogula m'bulu alibe njira yodziwira zimene zili m'katimo. Sangauyeze, ndipo ngakhale atamwa sangadziwe ngati mutu wasiya chifukwa cha mankhwala kapena wasiya wokha. Pamene nkhani za mankhwala achinyengo ndi otha mphamvu zimamveka kawirikawiri m'misika yathu, dzina lodziwika limakhala umboni wokhawo umene munthu wamba angaugwire. Ndalama yoonjezerayo akulipirira kuti asakhale ndi nkhawa, ndipo kwa munthu amene mwana wake watentha thupi usiku, nkhawa imeneyo ndi yeniyeni.

Pali chinanso chimene ife ophunzira za mankhwala sitikonda kuvomereza, chakuti dzinalo limafika mpaka pa ululu weniweniwo. Mu 1981 magazini ya British Medical Journal inasindikiza kafukufuku wa Branthwaite ndi Cooper pa amayi 835 odwala mutu ku Britain. Ena anapatsidwa asipulini m'paketi ya dzina lotchuka, ena asipulini yemweyo m'paketi yopanda dzina, ndipo ena mibulu yopanda mankhwala m'mapaketi a mitundu iwiri yomweyo. Amene anamwa za m'paketi ya dzina ananena kuti mutu wawaleka bwino kuposa anzawo, ngakhale aja amene m'bulu wawo munalibe kanthu. Choncho bambo uja ponena kuti zathuzo zinalibe mphamvu, n'kutheka kuti ankanena zimene thupi lawo linamvadi, popeza anamwa akukayikira kale. Komanso dzino lobooka silimvera parasitamo wa dzina lililonse kwa nthawi yaitali, limafuna dokotala wa mano.

Kumene chikhulupiriro chimenechi chimathera ndi pa anthu odziwa kuwerenga paketi. Akatswiri a zachuma, m'kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2015, anapeza kuti ogwira ntchito za famase amagula mankhwala a mutu a dzina lotchuka pafupifupi maulendo 9 pa 100 alionse, pamene anthu wamba amatero maulendo 26. Ine kwanga ndimasunga wotchipa yemweyo, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri mwa inu mumachita chimodzimodzi.

Chimene chinandikwiyitsa chinachitika Lachinayi m'mawa, nditafotokozera abwana za bamboyu. Iwo anangoti anthu athu ndi osamva, ndipo anawonjeza kuti ife a pa kauntala sitikulimbikira kugulitsa parasitamo wotchipa, amene malinga ndi ndalama yoodera amabweretsa phindu lochuluka. Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti chaka chino chokha asintha kogula kangapo konse, potsata aliyense amene watsitsa mtengo mwezi umenewo. Lero paketi ndi yobiriwira, mwezi wamawa ndi yofiira, m'bulu unali wozungulira tsopano ndi wautali, ndipo uliwonse uli ndi dzina lakelake lolembedwa m'zilembo zikuluzikulu, pamene mawu akuti parasitamo abisika m'munsi. Panado anafika pamene alipo chifukwa kwa zaka zambiri wogula wakhala akupeza chinthu chimodzimodzi ulendo uliwonse. Ife tikufuna kuti kasitomala akhulupirire chinthu chimene sitimupatsa mpata wochiona kawiri. Mayi wina amene ndinamuphunzitsa miyezi yapitayo kugula wa paketi yobiriwira, n'kuyamba kumufunsa yekha, atapeza yofiira anandiyang'ana ngati ndikufuna kumubera, ndipo anatuluka osagula kanthu. Ndalama zochepa zimene abwana amapulumutsa pa katoni zimaoneka m'mabuku, koma mayi ameneyu saonekamo.

Ndinapempha zinthu ziwiri zokha, kuti tisankhe kampani imodzi yolembetsedwa n'kukhala nayo ngakhale ikwere mtengo pang'ono, ndiponso kuti tiike chikwangwani m'Chichewa pa shelefu chonena kuti Panado ndi parasitamo ndi mankhwala amodzi ndipo asamwedwe pamodzi, kuphatikizapo mankhwala a chimfine amene ambiri ali ndi parasitamo m'kati. Za chikwangwani anavomera, poti n'zosadya ndalama. Za kogula anati tidzakambirana.

Lachisanu mwana wa bambo uja anadutsa kudzanena kuti anawagoneka n'kuwayeza magazi, ndipo akupezako bwino. Loweruka makatoni awiri a Panado anafika ndipo pofika madzulo theka linali litapita, pamene katoni ya wotchipa sitinaitsegule n'komwe. Pa fomu yoodera katundu wa mwezi wamawa, imene ndinaiona pa tebulo la abwana ndikutseka, pali dzina la kampani inanso yatsopano.