Ulendo wathu wa ku Rosettenville, tsiku limene maola 6 anasanduka awiri ndi theka

Abale anzanga amene simunapite nawo, lipoti la ulendo wa Lamulungu lija ndi ili. Tinanyamuka ku Diepsloot, kuno ku Joni, anthu 14 a gulu lathu la maliro kukacheza ndi anzathu a ku Rosettenville, amene gulu lawo ndi lakale kuposa lathu ndipo atumizapo kale maliro kumudzi kangapo. Pulogalamu imene tinagwirizana inali yoyamba 11 koloko mpaka 5 madzulo, nkhani 8 pa ajenda. Koma pa Sande mukudziwa takisi imachedwa kudzadza, ndiye pofika pa renki ya Bree nthawi inali itadya kale.

Tili pa Bree pompo foni ya mayi msungichuma wathu inalira. Anali amayi mlembi a gulu la anzathuwo. Oyang'anira holo anali atawauza mmawa womwewo kuti 3 koloko muli mwambo wina wa banja lina, ndiye ife hafu pasiti 2 tikhale titatuluka, mipando titapanga. Ine mtima unagwa ndithu, ndalama ya thiransipoti tawononga, ena anachita kupempha ofu kwa mabwana awo. Koma mmene amayi aja anaiyendetsera nkhaniyi ndi chimene ndabwera nacho, mwina kuposanso za malirozo.

Sanathamangire kulemba pa gulupu ayi. Anayamba kaye akhala pansi ndi a tcheyamani awo nkuwerengera nthawi. Anaona kuti ife sitifika isanakwane 12, ndiye kuchokera 12 mpaka hafu pasiti 2 ndi mphindi 150. Anachotsapo 20 zosesa ndi kupanga mipando, chifukwa holo ya eni sungaisiye mbwee, kutsala 130. Ndiye mu 130 mo anaikamo pemphero ndi malonje 10, kufotokoza mmene amatumizira maliro 50, kuonetsana mabuku a ndalama 40, mafunso 20, kutseka 10, basi yatha. Ambiri tikamafupikitsa msonkhano timangoti aliyense ayankhule mwachidule, nkhani zonse 8 zili pompo, mapeto ake zoyamba zimadya nthawi yonse zomaliza nkumangothamangitsidwa anthu ataima kale pakhomo. Iwo anasankha kuti zina zichoke kumene.

Ndinawafunsa pambuyo pake kuti munasankha bwanji zotsala. Anati anangodzifunsa kuti ndi nkhani iti imene singatheke popanda anthu kuonana maso ndi maso. Mabuku a ndalama sungawaone bwino pa foni, amafuna asungichuma awiriwo akhale pa tebulo limodzi atsegule tsamba ndi tsamba. Za maliro ndiye zimene tinayendera. Zinazo zikhoza kudikira.

Chifukwa chimene anaimbira msungichuma wathu choyamba nchakuti iwo ndi amene anakonzekera kuyankhula za banki nkhonde, sabata yonse akulemba m'kope, ndipo nkhani yawo inali m'gulu la zosunthidwa. Anawapepesa, nkuwafunsa ngati angalole kudzaiyankhula tsiku limene anzathuwo adzabwere kwathu kudzabweza ulendo. Mayi athu anavomera. Tangoganizani akanamvera pa gulupu kapena m'holo pamaso pa anthu kuti nkhani yanu kulibe, akanakhala chete koma mtima ukuwawa. Atatha apo mpamene meseji inalowa pa WhatsApp kwa tonse, ndaikopera pano mmene inalili:

"Abale, msonkhano wa lero uyamba 12 koloko ndipo utha 10 pasiti 2, osati 5 ngati tinanenera. Holo ikufunika ndi ena 3 koloko. Zimene tikambe lero: katumizidwe ka maliro, mabuku a ndalama, mafunso. Zosunthidwa: mgwirizano wa magulu awiri ukambidwa ndi makomiti Lamulungu loyamba la mwezi wa mawa ku Diepsloot, banki nkhonde tsiku lobweza ulendo. Zimene zachoka: kudzitchula mmodzimmodzi ndi nyimbo za kwaya. Chakudya tidya msonkhano uli mkati. Pepani chifukwa cha kusinthaku."

Taonani nthawi yothera ili pamwamba penipeni, chifukwa munthu ali m'takisi amawerenga mzere woyamba wokha. Chifukwa chake achinena m'mawu ochepa osayamba kudandaula za oyang'anira holo. Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kusiyanitsa zosunthidwa ndi zochoka. Ife kwathu timakonda mawu oti tidzaonanso, ndiye munthu sudziwa ngati nkhani yafa kapena ili moyo, miyezi itatu ikadutsa wina nkudzaifukula mokwiya kuti munaikwirira dala. Apa chosunthidwa chilichonse chinapatsidwa tsiku lake, malo ake ndi anthu okaikamba, ndipo chochoka ananeneratu poyera kuti chachoka. Kudzitchula kuja tinalipo anthu 34, aliyense mphindi imodzi yokha ndi hafu ya ola yapita kale, ndipo Amalawife palibe amene amatchula dzina lokha osanena mudzi, mfumu ndi boma. M'malo mwake anayendetsa pepala aliyense alembe dzina ndi kwawo.

Si kuti zonse zinayenda bwino. A kwaya anaiwalika kuimbiridwa, anamvera pa meseji pomwepo atavala kale yunifomu, ndipo nkhope zawo zinaonetsa. A tcheyamani anazindikira, potsegula anapepesa mowatchula, nkuwapempha atsogolere nyimbo imodzi potseka m'mphindi 10 zomaliza zija. Zinathandiza koma sizinafafanize zonse. China, bambo wina amene amagwira ntchito ya ulonda anafika cha m'ma 3 atangoweruka, data analibe meseji sanaione, ndipo chimene anabwerera chinali nkhani ya mgwirizano yomweyo imene inasunthidwa. Anatipeza tili panja. Amayi mlembi anavomera kuti amayenera kuona amene sanawerenge meseji nkuwaimbira, makamaka amene ananeneratu kuti afika mochedwa, poti kufupika kwa msonkhano kumapweteka iwowo kwambiri.

M'holomo a tcheyamani anabwerezanso meseji ija pakamwa tisanayambe, ndipo inalembedwa pa pepala lalikulu pakhoma ndi mphindi zake. Pepala limenelo linagwira ntchito. Pa nthawi ya mafunso mkulu wina wa kwathu anayamba kulowetsa za mgwirizano, kuti kodi tizisonkha zingati gulu lina likaferedwa, a tcheyamani anangoloza pakhoma mwaulemu nkunena kuti bambo, funso lanu ndi labwino, mlembi walilemba, likhala loyamba ku Diepsloot. Mkulu uja anakhala pansi osakhumudwa poti anaona likulembedwa.

Za maliro tinaphunzira zambiri, mapepala ofunika monga setifiketi ya imfa ndi ya kukonza thupi, kupita ku ofesi ya kazembe wathu, ndi ulendo wa pamsewu wodzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Mwanza. Zimenezo a sekilitale athu alemba lipoti lake lapadera, ine sindibwereza. Mabuku awo ndi aukhondo, aliyense wosonkha amasaina pambali pa dzina lake mwezi ndi mwezi, ife tiyambe zimenezo.

Tinatseka 10 pasiti 2 yeniyeni, tinasesa limodzi, hafu pasiti tili panja mpunga wotsala tagawana m'mapepala. Tinafika ku Diepsloot kusanade. A komiti, kumbukirani Lamulungu loyamba la mwezi wa mawa alendo akubwera, funso la mkulu uja ndiye loyamba, ndipo bambo a ulonda aja tawalonjeza kuti tiwaimbira foni kuwauza nthawi, osati meseji.