Chifukwa chake intigiro ya 1/x imatipatsa ln|x|

Lamulo la mapawa limati intigiro ya x^n ndi x^(n+1)/(n+1). Limagwira pa n = 2, pa n = −3, ngakhale pa n = 1/2, koma likafika pa n = −1 limakanika, chifukwa pansi pamabwera ziro ndipo kugawa ndi ziro sikutheka. Mu kabowo kameneka m'mene mumalowa ln|x| + C. Ambiri timangoloweza yankholi, koma ine mtima sunkakhazikika, pakuti logarizimu ndinaidziwa ngati chida chosandutsa kuchulukitsa kukhala kuphatikiza. Nanga ikudzatani pa nkhani ya intigiro, imene imayeza malo a pansi pa gilafu?

Tiyambe ndi mbali imene x ndi pozitivi. Titchule A(t) kukula kwa malo a pansi pa y = 1/x kuchokera pa x = 1 kukafika pa x = t. Kuti tiyerekeze A(2), tidule dera la 1 mpaka 2 m'timagawo tinayi, kalikonse m'lifupi 0.25, ndipo pa kagawo kalikonse tiimike rekitango yotalika ngati gilafu pakati pa kagawoko. Mapakati ake ndi 1.125, 1.375, 1.625 ndi 1.875, ndiye kutalika kwa marekitango ndi 0.889, 0.727, 0.615 ndi 0.533. Tikaziphatikiza n'kuchulukitsa ndi 0.25 tikupeza pafupifupi 0.691. Tikadula timagawo tochuluka, nambalayi imasendera ku 0.693.

Tsopano tichite zomwezo pa dera la 3 mpaka 6. Kagawo kalikonse m'lifupi ndi 0.75, kutambalala katatu kuposa koyamba kaja. Mapakati nawonso achulukitsidwa katatu: 1.125 wasanduka 3.375, ndipo 1/3.375 ndi 0.296, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a 0.889. Rekitango iliyonse yatambalala katatu, yafupikanso katatu, choncho kukula kwake sikunasinthe. Zili ngati dongo lomwelo limene mwalifinya kuti liphwaphwatike: maonekedwe asintha koma dongo silinachepe. Malo a 3 mpaka 6 ndi ofanana ndi malo a 1 mpaka 2, ndipo palibe chapadera pa 3. Kuchulukitsa malire onse awiri ndi nambala imodzi ya pozitivi sikusintha malo.

Apa m'pamene ndinakhalitsa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Malo a 1 mpaka 6 ndi malo a 1 mpaka 3 kuphatikiza malo a 3 mpaka 6. Gawo lachiwirilo taona kuti ndi A(2). Ndiye A(6) = A(3) + A(2), pamene 6 ndi 3 kuchulukitsa ndi 2. Pa manambala ena alionse a pozitivi zimayendanso chimodzimodzi, A(ab) = A(a) + A(b). Fankishoni yosaduka imene imasandutsa kuchulukitsa kukhala kuphatikiza, ngati si ziro paliponse, imeneyo ndi logarizimu basi. Sitinaibweretse kuchokera kwina, yatuluka m'marekitango momwemo. Yesani ndi x^2 muone kusiyana: mukatambasula katatu, kutalika kumakwera kasanu ndi kanayi, malo n'kukula maulendo 27. Pa mapawa onse, ndi −1 yekha amene kufupika kumalipira kutambalala ndendende, ndipo n'chifukwa chake lamulo lija limathera pomwepo. Khalidwe limeneli la malo anaonetsa ndi katswiri wa masamu Grégoire de Saint-Vincent mu 1647, ndipo katswiri wina, Alphonse Antonio de Sarasa, analilumikiza ndi malogarizimu mu 1649.

Chatsala n'kudziwa kuti ndi logarizimu ya besi iti. Besi ndi nambala imene logarizimu yake ndi 1, ndiye tikufuna t amene A(t) = 1. Popeza A(2) ndi 0.693 ndipo A(3) ndi 1.099, nambalayo ili pakati pa 2 ndi 3, ndipo ndi e, pafupifupi 2.718. Logarizimu ya besi e ndiyo imene timailemba ln. Tikanasankha besi 10, delivativi yake ikanakhala 0.434/x, ya katundu woonjezera. Ya besi e yokha ndi imene imapereka 1/x wopanda chinthu chomuchulukitsa.

Tibwere ku timizere tiwiri toimirira tija. |x| ndi kukula kwa nambala posaganizira chizindikiro chake, moti |−4| = 4. Vuto ndi lakuti 1/x ali ndi tanthauzo pa x wa negativi, pa −4 amapereka −0.25, pamene ln(−4) kulibe pakati pa manambala enieni. Choncho ln x payekha akuyankha theka la funso. Kumanzere kwa ziro tifunika fankishoni ina imene delivativi yake ndi 1/x, ndipo ln(−x) ikukwanira, chifukwa x akakhala negativi −x ndi pozitivi. Delivativi yake ndi 1/(−x) kuchulukitsa ndi −1 wochokera m'kati, zizindikiro ziwiri za negativi zifafanizana, patsala 1/x. Kumanja tili ndi ln x, kumanzere ln(−x), ndipo ln|x| ndi njira yachidule yolembera zonse ziwiri pamodzi.

Tiyese ndi intigiro ya 1/x kuchokera pa −4 kukafika pa −1. Yankho ndi ln|−1| − ln|−4| = 0 − 1.386 = −1.386. Kodi n'zomveka? Pa dera lonseli gilafu ili pansi pa mzere wa x, ndiye yankho liyenera kukhala negativi. Kukula kwake kuyenera kufanana ndi kwa malo a 1 mpaka 4, omwe ndi A(2) + A(2) = 1.386. Zonse ziwiri zagwirizana. Ine ndimakonda kufunsa mafunso awiriwa, la chizindikiro ndi la kukula, ndisanakhulupirire nambala iliyonse yotuluka mu fomula.

Koma kalembedwe kachiduleka kali ndi msampha, ndipo ndikuona kuti nthawi zambiri sikachenjezedwa mokwanira. Munthu akhoza kutenga intigiro kuchokera pa −1 kukafika pa 2 n'kulemba ln 2 − ln 1 = 0.693. Nambala yatuluka bwinobwino, koma ndi yabodza, pakuti deralo ladutsa pa ziro pamene 1/x alibe tanthauzo. Marekitango athu aja akutiuza chifukwa chake. Malo a 1/2 mpaka 1 ndi 0.693. Malo a 1/4 mpaka 1/2 ndi 0.693 yemweyo, a 1/8 mpaka 1/4 chimodzimodzi, ndipo mukhoza kupitiriza kugawa pakati mpaka kalekale osafika pa ziro, ulendo uliwonse mukuwonjezera 0.693 wina. Malo a pafupi ndi ziro alibe malire, kumanja ndi kumanzere komwe, ndiye intigiro imeneyi kulibe. Pozindikira msamphawu ingoyang'anani malire: akakhala ndi zizindikiro zosiyana, kapena limodzi likakhala ziro, fomula musaigwiritse ntchito.

Pa chifukwa chomwecho, C mmodzi uja sanena zonse. Mbali ziwirizi sizikhudzana, ndiye iliyonse ikhoza kukhala ndi nambala yakeyake yoonjezera. Fankishoni imene ndi ln x + 5 kumanja ndi ln(−x) − 2 kumanzere ili ndi delivativi 1/x paliponse pamene x si ziro. Tikalemba ln|x| + C, tikutanthauza kuti tasankha mbali imodzi ya ziro ndipo C ndi wa mbali imeneyo.