Gauss-Markov ndimaidutsa chonchi, ndi minda inayi basi

Ndimathandiza ana a ikonomikisi ndi sitatisitikisi madzulo kuno ku Chitawira, ambiri ndi a ku MUBAS ena a makoleji ena a mtauni muno, ndipo tikafika pa thiyoremu ya Gauss-Markov pafupifupi aliyense amabwera ataloweza kuti OLS, njira ija yopezera mzere pochepetsa masikweya a zophonya, ndi BLUE, kutanthauza besiti liniya anibayasidi esitimeta, koma ukamufunsa kuti chabwino, ikuposa ndani komanso ikuposa pa chani, amangoti zii. Ndiye ndikuonetseni mmene ndimaidutsira ineyo, ndi pepala ndi cholembera basi, matilikisi timayamba tawaika pambali kaye.

Ndimayamba ndi minda inayi yofanana kukula, tiyerekeze ili cha ku Lunzu, manambalawa ndi ongoyerekeza kuti tiphunzirepo. Munda woyamba unathiridwa thumba 1 la feteleza, wachiwiri matumba 2, wachitatu 3, wachinayi 4. Chimanga chinatuluka matumba 12, 15, 21 ndi 22. Funso ndi loti thumba limodzi loonjezera la feteleza likuonjezera chimanga chochuluka bwanji, ndiye kuti silopu. Modelo yake ndi iyi:

```
y = a + b*x + e
```

`e` ameneyo ndi zina zonse zimene sitinaziyeze, mvula, mbozi, kupalira mochedwa, zonsezo. Ndipo b weniweniyo sitikumudziwa, tikungofuna kumuyerekeza.

Apa ndimawauza anawo kuti aiwale OLS kaye, andipezere silopu mwanjira yawoyawo. Wina amatenga munda womaliza kuchotsa woyamba nkugawa ndi 3, amapeza 3.33. Wina amatenga avareji ya minda iwiri yomaliza, 21.5, kuchotsa avareji ya iwiri yoyamba, 13.5, nkugawa ndi 2, amapeza 4. OLS imapereka 3.6. Mayankho atatu pa deta imodzi, ndipo palibe wapenga apa, njira zonse zitatuzi ndi zomveka ndithu.

Tsopano yang'anitsitsani, njira iliyonse pamenepa ikungotenga zokolola zinayi zija, kuchulukitsa chilichonse ndi nambala yake, nkuphatikiza. Manambala amenewo ndimawatchula mawenti:

```
OLS:        -0.3   -0.1    0.1    0.3
mapeto:     -1/3    0      0      1/3
magulu:     -0.25  -0.25   0.25   0.25
```

Ameneyu ndiye L wa mu BLUE, liniya. Sizikunena kuti mzere wa pa galafu ukhale woongoka ayi. Zikunena kuti esitimeta yanu ndi mawenti kuchulukitsa ndi y nkuphatikiza, ndipo mawentiwo atha kudalira x koma asadalire y. Modelo itha kukhala ndi `x^2` kapena `log(x)` mzere nkupindika bwinobwino, thiyoremu imagwirabe ntchito, bola ma b akulowa mongochulukitsa ndi kuphatikiza. Koma midiyani mwachitsanzo si liniya, chifukwa kuti udziwe nambala yoti utenge umayenera uone kaye ma y nkuwasanja, ndiye midiyani sali nawo mumpikisano umenewu olo pang'ono.

Kenako U, anibayasidi. Apa mpamene pamafunika kudekha. Sizitanthauza kuti 3.6 ndi yankho loona. Zikutanthauza kuti nyengo yolima itati ibwerezedwe kambirimbiri, feteleza yemweyo minda yomweyo koma mvula ndi mbozi zikusinthasintha, mayankho a njira yanuyo pa avareji angagwere pa b weniweni. Zili ngati sikelo ya mumsika wa Limbe imene lero yapitirira pang'ono mawa yaperewera pang'ono koma siyokhotetsedwa kuti izibera mbali imodzi. Kuti mawenti akwanitse zimenezi pamafunika zinthu ziwiri, akaphatikizidwa apereke 0, ndipo akachulukitsidwa ndi x nkuphatikizidwa apereke 1. Yesani a magulu aja, -0.25 -0.5 +0.75 +1 ikupereka 1. Onse atatu akukhoza. Ndiye kukhala anibayasidi kokha sikokwanira kusankhira, njira zoterozo zilipo zosawerengeka.

Chotsala ndi B, besiti, ndipo apa tanthauzo lake ndi limodzi lokha, valiyansi yochepetsetsa, kutanthauza kuti mayankho ake samwazikana kwambiri nyengo ikamabwerezedwa. Ngati e wa munda uliwonse ali ndi valiyansi yofanana, tiitchule `s2`, ndipo ma e a minda yosiyana sakuyendera limodzi, valiyansi ya silopu ndi `s2` kuchulukitsa ndi masikweya a mawenti ataphatikizidwa. Tiwerengere limodzi:

```
OLS:     0.09 + 0.01 + 0.01 + 0.09 = 0.200
mapeto:  1/9 + 1/9                 = 0.222
magulu:  4 * 0.0625                = 0.250
```

OLS yawina. Koma mwana wochenjera amafunsa kuti nanga nditapeza mawenti ena amene simunawaganize, ndipo funso limeneli ndimalikonda kwabasi chifukwa yankho lake ndiye thiyoremu yonseyo. Tengani mawenti ena aliwonse amene ali anibayasidi, muwalembe ngati a OLS kuphatikiza kachidutswa kena d. Kwa a magulu aja d ndi 0.05, -0.15, 0.15, -0.05. Popeza onse awiri akukwanitsa malamulo awiri aja, d akaphatikizidwa ayenera kupereka 0, akachulukitsidwa ndi x nkuphatikizidwa ayeneranso kupereka 0. Tsono mawenti a OLS amapangidwa kuchokera ku x yemweyo, x kuchotsa avareji yake 2.5 nkugawa ndi 5, ndiye mukachulukitsa mawenti a OLS ndi d nkuphatikiza mupeza 0 nthawi zonse, yesani muone, -0.015 +0.015 +0.015 -0.015. Zotsatira zake nzoti masikweya a mawenti atsopanowo ndi masikweya a OLS kuphatikiza masikweya a d. Apa 0.2 kuphatikiza 0.05, ndi 0.25 uja. Sikweya singakhale negetivu, ndiye kulikonse kumene mungasunthire kuchoka pa OLS mukungoonjezera valiyansi. Basi umboni ndi umenewo, wa matilikisi wa mkalasi uja ndi womwewu wangolembedwa kuti ukwane ma x ambiri.

Zikatha izi ndimawauza abwerere mmbuyo, alembe chinthu chilichonse chimene tachigwiritsa ntchito, chimene sitinachigwiritse asalembe. Tinati modelo ndi yoona mmene yalembedwera. Tinati e pa avareji ndi 0 kaya x ndi wotani. Tinati valiyansi ndi yofanana minda yonse ndipo ma e alibe kolereshoni. Tinagawanso ndi 5, ndiye kuti x ayenera kumasiyana, minda yonse ikanathiridwa matumba 2 tikanagawa ndi 0, ndipo ma x akakhala ambiri lamulo lake ndi loti pasakhale x amene ndi kuphatikiza chabe kwa anzake. Zatha.

Nomo disitiribyushoni ili kuti pamenepa? Palibe. Ichi chimandikhudza kwambiri chifukwa ndimaona anthu akuvutika ndi `shapiro.test` yoyezera nomaliti pa maresijuwo, kusiyana kuja kwa y ndi mzere umene mwapeza, ikakana nkumati ndiye OLS yafa si BLUE, pamene thiyoremu sinafunseko zimenezo. Nomaliti imafunika pena, pamene mukufuna kuti t ndi F zikhale zolondola ndendende pa deta yochepa. Chimodzimodzi ma e sakuyenera kukhala indipendenti kotheratu, kusakhala ndi kolereshoni kwakwana, komanso sakuyenera kukhala ochokera ku disitiribyushoni imodzi, bola avareji 0 ndi valiyansi yofanana. Gauss mwiniwake mu 1809 anaikira kumbuyo njira ya OLS podalira nomo, koma mzaka za 1821 mpaka 1823 anaonetsa zimene tachitazi osaifunanso. Markov anadzazilembanso cha mu 1900, mpamene dzina lake linalowera.

Gawo limene ndimakhalitsapo ndi lothyola ma asampushoni amodziamodzi kuti tione chikugwa nchani. Tiyerekeze munda wachinayi uli kudambo, chaka china umabereka zedi chaka china madzi amauononga, valiyansi yake ndi 9 kuchulukitsa ya inzake. Valiyansi ya OLS tsopano ndi 0.09 + 0.01 + 0.01 + 0.81, ndiye 0.92. Ndiye taonani izi, munthu amene wangoutaya munda wachinayiwo nkutenga wachitatu kuchotsa woyamba kugawa ndi 2, mawenti ake -0.5, 0, 0.5, 0, akadali liniya, akadali anibayasidi, ndipo valiyansi yake ndi 0.5. Waiposa OLS potaya deta! OLS sinakhote, pa avareji ikugwerabe pa b, chimene yataya ndi B yekha. Njira yabwino kuposa onsewa ndi yosautaya mundawo koma kuupatsa kulemera kwa 1/9, imeneyo ndi WLS, ndipo valiyansi yake apa ndi 7/17, pafupifupi 0.41. Aitken ndi amene anazilemba mokwanira mu 1935, zimene lero timazitcha GLS, zimagwiranso ma e akamayendera limodzi monga minda yoyandikana imene imagawana mvula imodzi. Vutoli mutha kuliona mukajambula maresijuwo motsatana ndi x, ngati akutambasuka uku x akukula ndiye kuti valiyansi siyofanana. Ndipo dziwani kuti ma sitandadi era a White a 1980 amene ambiri amathamangira, `robust` uja wa mu Stata, amangokonza muyezo wa kukayika kwanu, silopu imakhala yomweyo ndipo B sabwerera.

Koma asampushoni imene imandidetsa nkhawa zenizeni ndi ya avareji ya e. Mlimi aliyense amene ndikumudziwa, feteleza akachepa amathira wambiri pamunda umene akuudalira, wa nthaka yabwino. Ndiye kuti nthaka, imene ili mkati mwa e, ikukwera limodzi ndi x, ndipo 3.6 uja wanyamula mphamvu ya feteleza pamodzi ndi ya nthaka. Apa U wagwa, ndipo olo mutapeza minda 4,000 sizikonzeka, mungoyandikira molimba mtima nambala yolakwika. Choopsa chake nchoti maresijuwo sangakuuzeni, chifukwa OLS imawapanga dala kuti asakhale ndi kolereshoni ndi x, ndiye mukayeza mupeza 0 kaya vuto lilipo kaya palibe. Chimene chingakuuzeni ndi kufunsa kuti anasankha ndani kuti munda uwu ulandire matumba 4, ndipo anasankha poona chani. Ngati anachita maere ngati mmene amachitira pa minda ya kafukufuku, muli pabwino. Ngati anasankha mlimi, muyenera kuyeza nthakayo nkuilowetsa mu modelo.

Chomaliza chimene ndimawauza asanalembe mayeso nchoti besiti uja ndi wa mkati mwa gulu la liniya ndi anibayasidi lokha. Mukalola kukhota pang'ono, monga riji rigilesheni imene imakokera ma b cha ku 0, mutha kuchepetsa valiyansi kwambiri moti pa avareji mumaphonya mocheperapo poyerekeza ndi OLS, makamaka ma x akakhala ofanana kwambiri. Ndipo ma e akakhala oti nthawi zina amalumpha patali zedi, njira zosakhala liniya zonga za midiyani zitha kumwazikana mocheperapo poyerekeza ndi OLS, thiyoremu osathyoka chifukwa za iwowo sinanenepo kanthu.