Kalata yopempha pulani idandidyera masiku awiri ku Ntcheu boma

Dzulo ndi pamene ndagona tulo. Ndine mphunzitsi wa pulaimale kufupi ndi Tsangano, chaka chachitatu pantchito, ndipo ngongole zidandifika m'khosi mpaka ndidalembera kalata bambo ena opuma pantchito amene amalangiza anthu za ndalama ku SACCO yathu.

Kalata yoyamba adaibweza. Ndidalemba malipiro a pamwamba pa peyisilipi, osati zimene zimalowadi ku banki. Msonkho ukachoka, ndi K62,000 ya kampani ya ngongole imene imadula ndalama zisadandifike, ndimatsala ndi K285,000. Pulani imamangidwa pa imeneyo. Adandifunsanso kuti, "Aphunzitsi, ngongole ya kampaniyi yatsala zingati, ndipo itha liti?" Ndidangoti kakasi.

Apa ndiye padandipsetsa mtima. Pamafunika sitetimenti. Ndidapempha ahedi tsiku, ndidakwera kabaza mbandakucha kuzizira kwa ku Tsangano kuja, kenako minibasi mpaka pa boma. Kufika pa ofesi ya kampaniyo, akuti netiweki yavuta. Ndidakhala pa benchi kuyambira 9 koloko mpaka 3 koloko, osadya, ana anga a Sitandade 6 ali okha. Kenako akuti amene amasindikiza watuluka, mubwere mawa. Mawa lakelo adandilipiritsa K5,000 pa pepala limodzi longonena ngongole yanga yomwe! Pamene ankandikongoza adachita kunditsata okha kusukulu ndi mafomu. Imbani foni kaye musadanyamuke, mufunse ngati akusindikiza tsikulo.

Ndaiwala, ya katapila ndidaibisa m'kalata yoyamba, manyazi. Musabise. Ndidatenga K50,000, ndipo mwezi uliwonse ndimapereka K25,000 ya chiwongoladzanja chokha, K50,000 ija ili chikhalire. Miyezi isanu, K125,000 yapita. Ya banki m'khonde ndi K80,000, chiwongoladzanja K16,000 pamwezi.

M'kalata yachiwiri ngongole iliyonse ndidaipatsa mzere wake: mwini wake, yotsala, chiwongoladzanja ndi tsiku lobweza. Ndidalembanso lendi K35,000 ndi K30,000 imene ndimatumizira amayi. Zolinga adati ndisamangoti "kutukuka", ndiike mtengo ndi mwezi. Ndidalemba matumba awiri a feteleza wa kachewere pofika Novembala, ndi poloti pa Lizulu m'zaka zitatu. Pomaliza ndidafunsa chimodzi: ndiyambe kubweza iti?

Yankho lidabwera pa tsamba limodzi. Katapila athe m'miyezi iwiri, ngakhale feteleza achepe kukhala thumba limodzi. Ikatha, K25,000 ija ilowere ku banki m'khonde. Kampani ikaimba foni kuti ndiwonjezere ngongole, ndikane, chifukwa sitetimenti ikuonetsa kuti kwatsala miyezi 14 yokha. Za poloti tidzakambirana K62,000 ija ikadzabwerera pa peyisilipi.

Koma imbani foni kaye musadapite kukatenga sitetimentiyo. Thiransipoti ya maulendo awiriwo idandidyera ndalama ya ndiwo ya sabata yathunthu.