Chikwama changa chothawira namondwe

Inu amene mukufalitsa zoti ndinathawa mvula nditabereka phala kumsana, imvani kwa mwini wakene. Silinali phala. Anali masatifiketi.

Chichitikireni za Freddy mu Malichi 2023, kwathu ku Chilobwe mvula ikangolimbika usiku palibe amagona. Ndiye ine, mwamuna woganiza patali, ndinalongedza chikwama: makadi a unzika, satifiketi yanga ya MSCE, mabuku a kusikelo a ana, tochi, mapiritsi a BP a apongozi a mwezi wathunthu, ndi chigubu cha madzi cha malita 5. Malita 5 ndi makilo 5, abale. Kuti zipi itsekeke ndinachigoneka chammbali pamwamba pa zonse, n'kukankhira chikwamacho kunsi kwa bedi. Chinakhala komweko miyezi itatu ine osachitsegula.

Tsiku lake linafika. Mvula ya usiku, wina panja n'kukuwa kuti madzi, ine chikwama kumsana, liwiro mpaka kutchalitchi, nditavala chitenje cha mayi a kunyumba. Ndinamvadi kuti chapepuka, koma ndinati ndi mphamvu za mantha.

M'tchalitchimo munali mdima, anthu ngati makumi atatu. Ndinati, “Musadandaule, ena tinakonzeka.” Kutulutsa tochi, kudina, zii. Chigubu chija chinaitsamira pa switchi, ndiye inakhala ikuunikira masatifiketi mpaka mabatire kutha, kenako n'kutuluka zoyera ngati mchere. Mnyamata wina anandiunikira ndi foni kuti aliyense aone bwino.

Chigubu chinali ndi madzi osadzaza kapu. Ena onse anatsika dontho limodzilimodzi kudzera pa chitsekerero. Nditapisa dzanja ndinatulutsa chinthu chimodzi chonenepa ngati chigumu, chaubweya wobiriwira, chonunkha ngati gaga wovunda. Ndinayamba kusenda pang'onopang'ono anthu ali chete. Tsamba la katemera wa chikuku linamatirira pa giredi yanga ya masamu, ndipo kunena zoona aka kanali koyamba giredi imeneyo kuoneka bwino.

Apongozi anafunsa mofatsa, “Nanga mankhwala anga, bambo?” Kajumbo kake kanali kouma bwinobwino, koma mopanda kanthu. Iwo eni anati, “Ee, paja ndinkatapamo anga akatha.” Apa pokha sindinalakwe, mundilembere.

Makadi a unzika anapulumuka poti ndi apulasitiki. China chinapulumuka ndi satifiketi ya ukwati, imene mayi a kunyumba anaikulunga okha m'mapepala awiri a shuga n'kumanga ndi mphira. Akuti imeneyo ndiye sindingaithawe.

Pano mapepala onse ali m'mapulasitiki, zithunzi zake zili m'foni, mabatire ali pakajumbo kawokawo kunja kwa tochi, madzi ndi mabotolo awiri a malita awiriawiri oimirira m'thumba lina, ndipo mapiritsi timasinthanitsa ndi atsopano apongozi akabwera kuchipatala.

Madzi amene munthu uja ankakuwa anali a mumgolo wake, unagubuduka. Chitenje chija ndinabweza.